Kuyankha dandaulo la pagulu: alimi oonerera ndiwo oweruza

Mlimi akalemba pa gulu la WhatsApp kuti mbewu ya chimanga yomwe anagula ku Ulongwe sinamere, si iye yekha amene amawerenga yankho la wogulitsa. Alimi ena amangokhala chete, akuganiza ngati angadzagulenso pasitoloyo.

N'chifukwa chake kuyankha kuti "munabzala mvula isanakhazikike" kumathawitsa ogula, ngakhale zitakhala zoona. Oonerera amaona kuti mawa nawonso adzawakankhira mlandu.

Yankho lokopa limavomereza kaye kuti mlimiyo wataya ndalama ndi masiku a mvula, kenako limapereka njira yomwe aliyense angathe kuitsimikizira. Mwachitsanzo: "Pepani bambo, kubzala kawiri n'kowawa. Bwerani ndi thumba lija tione nambala yake. Tiika njere 100 pa chiguduli chonyowa, tidzawerenge limodzi pakatha masiku 7. Zikamera zosakwana 90, tikupatsani mbewu ina kapena ndalama zanu."

Tsikulo likafika, wogulitsa alembe zotsatira pa gulu lomwelo, zimukomere kapena ayi. Akatha nkhaniyo mseri, anthu amangokumbukira dandaulo lija.