Kanema uti tijambulenso? Kawerengedwe ka nambala ya oonera

Pa msonkhano wa kopaletivi ya alimi, nkhani ya makanema imabwera kumapeto, anthu atatopa kale ndi za masheya, ngongole ya mbewu ndi mtengo wa soya. Mnyamata kapena mtsikana amene amasunga foni ya gulu amapatsidwa mphindi khumi kuti afotokoze. Ndalama yobwereka kamera, mafuta a njinga yamoto ndi nkhomaliro ya ojambula ikukwanira kanema mmodzi yekha, ndipo mamembala akufuna kudziwa kuti pa makanema ophunzitsa ulimi omwe gulu linajambula, woyenera kujambulidwanso ndi uti. Kawirikawiri mnyamatayo amangowerenga nambala zomwe zili pansi pa kanema aliyense, wina n'kuimika dzanja kunena kuti tijambulenso amene waoneredwa pang'ono kwambiri. Anthu amavomera, nkhani n'kutha.

Ine ndimati chigamulo chotere n'chothamangira, ndipo nthawi zambiri chimagwera kanema wosalakwa. Mphindi khumi zomwezo zikhoza kugwira ntchito yabwino ngati wolankhulayo atenga makanema atatu okha n'kuwayala pamaso pa anthu. Tiyerekeze kopaletivi ya mamembala 200 yomwe imaika makanema ake pa YouTube n'kutumiza maulalo ake pa gulu la WhatsApp. Nambala zonse zili m'munsimu n'zongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komwe munthu angachite ndi nambala zenizeni.

Kanema woyamba ndi wosonyeza kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS. Ndi wa mphindi 8, ndipo watsegulidwa maulendo 900. Wachiwiri ndi wa kasakanizidwe ka inokulanti ndi mbewu ya soya, wa mphindi 4, watsegulidwa maulendo 60. Wachitatu ndi wa kapangidwe ka manyowa, watsegulidwa maulendo 40.

Wolankhula ayambe ndi kuuza anthu chomwe nambalayi ikuwerenga. "Amayi ndi abambo," angatero, "nambala iyi yolembedwa Views ikuwerenga maulendo amene kanemayo watsegulidwa. Sikuwerenga mitu ya anthu. Mayi amene anatsegula katatu chifukwa netiweki inkadukaduka akhoza kuwerengedwa koposa kamodzi. Bambo amene anaonera ndi banja lonse pafoni imodzi awerengedwa kamodzi." Apa anthu amayamba kuona okha kuti 900 pa gulu la anthu 200 ikutanthauza kuti ena anabwereza, komanso kuti ulalo uja unatuluka kunja, mwina mpaka kwa abale a ku Chipata kapena ku Joni omwe anangoutsegula poona nkhope za kwawo.

Tiyambe ndi kanema wa manyowa, amene akuoneka wotsalira. Asanamuweruze, wolankhula afunse kuti kanemayu anafika bwanji kwa alimi. Ngati alangizi anamuonetsa ndi pulojekita m'kalasi ya sukulu kwa anthu makumi asanu, YouTube inawerenga ulendo umodzi, kapena siinawerenge n'komwe ngati kanemayo anali atasungidwa kale pa kompyuta. Ngati wina anamukopera n'kumutumiza pa WhatsApp ngati kanema wathunthu osati ulalo, kapena anadutsa pa Bluetooth, kapena anaikidwa m'memore khadi kwa anyamata oika nyimbo pamsika, palibe chimene chinawerengedwa. Kumudzi, kumene bandulo ndi ndalama ya mchere, makanema okondedwa kwambiri ndi omwe amayenda njira zimenezi. Choncho 40 ija singatiuze kanthu. Yankho lili m'chipinda momwemo: amene anaonerapo kanema wa manyowa aimike manja. Manja akaima ambiri, kanemayo asiyidwe momwe alili.

Wa inokulanti ali ndi vuto lina. Funso lake ndi lakuti anaikidwa liti. Tinene kuti anaikidwa mu Meyi, anthu ali pakalikiliki wa kukolola ndi kupuntha. Ndani angawononge bandulo yake mu Meyi kuonera kabzalidwe ka soya? Nkhani imeneyi imafunika mu Novembala ndi Disembala, mvula itayandikira, paketi ya inokulanti ili m'manja. Kanema wa ulimi ali ngati khasu, ali ndi nyengo yake yotulukira m'nyumba. Kuyerekeza kanema wa kusunga chimanga ndi wa kubzala soya pa nambala za mwezi wa Juni n'kupondereza wa soya. Palinso za msinkhu. Ngati wa matumba uja wakhala miyezi 18, maulendo 900 ndi 50 pamwezi. Wa inokulanti ngati wakhala mwezi umodzi wokha, 60 yake yaposa kale.

Apa ndi pamene wolankhula ayenera kutsegula foni n'kuonetsa nambala yachiwiri, yomwe ndiyo yofunika kwambiri koma anthu wamba saiona. Mwini wa tsamba akalowa mu YouTube Studio, n'kusankha kanema, n'kudina Analytics, amapeza mawu akuti Average view duration. Imeneyi ndi nthawi imene oonera amatha ali pa kanemayo tikawagawira mofanana. Pa wa inokulanti tinene kuti ndi mphindi 3 mwa 4, kutanthauza magawo atatu mwa anayi. Ochepa amene anamutsegula anakhala naye pafupifupi mpaka kumapeto. Anamva kuti inokulanti ndi tizilombo tamoyo, kuti amasakanizira pamthunzi, ndiponso kuti mbewu yosakanizidwa ibzalidwe tsiku lomwelo. Kanema ameneyu alibe matenda. Akungofunika kutumizidwanso mu Novembala, mwina ndi mutu womveka bwino, ndipo zimenezo sizidya ndalama ya gulu.

Tsopano tifike pa ngwazi ija ya maulendo 900. Tinene kuti nthawi yake ndi mphindi 2 mwa 8, gawo limodzi mwa anayi. Pamalo omwewo pali chithunzi cha mzere woyenda kuchokera koyambira kanema mpaka kumapeto, wosonyeza kuchuluka kwa anthu otsala pa sekondi iliyonse. Mzerewu umatsika pa kanema aliyense, makamaka m'masekondi oyamba, ndipo zimenezo sizodetsa nkhawa. Choyang'ana ndi pamene wagwa mwadzidzidzi ngati phompho. Wolankhula apeze phompholo, aone mphindi yake, kenako atsegule kanema pamphindi imeneyo anthu onse akuona.

Chimene chimapezeka pamenepo nthawi zambiri chimaseketsa anthu, ngakhale ena amaseka chamumtima. Mwina ndi malonje: a wapampando akulonjera a gulupu, alangizi ndi alendo, kenako mbiri ya kopaletivi kuyambira pomwe inakhazikitsidwa. Pabwalo ulemu umenewu ndi woyenera. Pafoni, mlimi akuona bandulo ikutha thumba lisanaoneke, ndiye amatseka. Mwina pamenepo ndi pomwe mphepo inalowa m'maikolofoni, kapena wofotokoza anayamba kuponya mawu a Chingerezi, kapena kamera inali kutali moti manja omanga thumba sakuoneka pa kagalasi kakang'ono ka foni.

Kuopsa kwake kuli apa. Thumba la PICS lili ndi matumba atatu, awiri a pulasitiki mkati ndi limodzi lolukidwa kunja, ndipo limapha anankafumbwe powamana mpweya, popanda mankhwala. Ntchito yonse yagona pa kumanga: chimanga chikhale chouma bwino, matumba a mkati akhale osabooka, mpweya ufinyidwe, ndipo thumba lililonse lipotokoledwe pakamwa, lipindidwe, limangidwe palokha. Ngati kamangidwe kameneka kali pa mphindi 6 koma ambiri anachoka pa mphindi 2, ndiye kuti anthu anamva zoti matumbawo ndi abwino, akagula, n'kukamanga onse atatu ndi chingwe chimodzi monga amachitira ndi thumba wamba. Pofika Okutobala chimanga chafumbwa, ndipo mlandu ukugwera thumba.

Ameneyu ndiye wojambulanso. Maulendo ambiri aja akutiuza kuti alimi akuifuna nkhaniyi, ndipo phompho lija likutiuza kuti sakuilandira yonse. Ndi pamene ndalama ya gulu ingabweze zambiri. Nthawi zina sipafunika n'komwe kubwerera kumudzi ndi kamera, kudula malonje aja n'kusunthira kamangidwe kutsogolo kumakwanira. Koma ngati manja sakuoneka kapena mawu sakumveka, palibe kuchitira mwina.

Wina adzafunsa, ndipo adzakhala akufunsa bwino, kuti nanga ngati anthu anachoka chifukwa anapeza kale zomwe ankafuna? Zimachitika. Mlimi amene ankangofuna kudziwa kutalikirana kwa mapando akamva pa mphindi yoyamba, amatseka ali wokhutira. N'chifukwa chake mzere suwerengedwa popanda kuonera kanemayo. Komanso mzere ukakwera pang'ono pakati, ndiye kuti anthu ankabwezera m'mbuyo kuti aonenso. Mwina pamenepo ndi pokoma, mwina wofotokoza anathamanga, muyeso sunamveke. Foni siingasiyanitse ziwirizi, koma mayi amene anabwezayo angathe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake pano ndi kufunsa mamembala asanu kapena khumi, amayi ndi abambo omwe, kuti afotokoze m'mawu awo zomwe anatolapo. Chabwino koposa n'kubweretsa thumba lenileni kumsonkhano n'kupempha amene anaonera kanema kuti alimange anthu akuona.

Nambala zikakhala zazing'ono kwambiri, 12 apa 18 apo, musavutike nazo. Kusiyana kotero kungabwere chifukwa mwana wa mlembi ankasewera ndi foni. Ndipo pali kanema mmodzi amene sadikira nambala iliyonse: amene uphungu wake wasintha kapena unalakwika, monga muyeso wa mankhwala wosagwirizana ndi zolembedwa pa botolo. Ameneyo achotsedwe lero lomwe, ndipo akakhala ndi oonera ambiri m'pamene changu chikufunika kwambiri.

Chotsala ndi mawu amene amavuta kutuluka pakamwa, chifukwa malonje ofunika kudulawo ndi a munthu amene wakhala kutsogolo pampando. Wolankhula wanzeru amawaonetsa a wapampando mzere uja paokha msonkhano usanayambe, kuti pagulu anene okha kuti malonje apite kumapeto kwa kanema. Kenako mlembi alembe m'buku la gulu nambala ziwiri za lero, maulendo ndi mphindi, pamodzi ndi tsiku lake, kuti chaka chamawa mwezi ngati womwewo padzakhale poyerekezera. Kanema watsopano wa matumba ajambulidwe mu Malichi kapena Epulo, wa mphindi zosapitirira 4, manja omanga thumba aoneke pafupi m'mphindi yoyamba, ndipo afike m'mafoni a mamembala chimanga chisanachoke m'munda.