Mpweya umene galimoto imalimbana nawo

Mwana akatulutsa dzanja pawindo la galimoto yothamanga, mphepo imalikankhira kumbuyo. Akalipendeketsa kuti ligone chafulati, kukankhako kumachepa. Galimoto yonse imakumana ndi zomwezo, ndipo ikamathamanga pamsewu wa tala, gawo lalikulu la ntchito ya injini limathera pong'amba mpweya.

Akatswiri amawerengera kukankhaku motere:

```
F = 0.5 × ρ × Cd × A × v²
P = F × v
```

F ndi kukankha kwa mpweya, ndipo amakuyeza m'manyutoni. Manyutoni 10 ali ngati kulemera kwa kilogalamu imodzi m'dzanja. Chilembo cha ρ ndi kulemera kwa mpweya, pafupifupi makilogalamu 1.2 pa kiyubikimita kumalo otsika a kunyanja yamchere. A ndi kukula kwa galimoto monga momwe munthu woima kutsogolo kwake amaionera, v ndi liwiro, ndipo P ndi mphamvu imene iyenera kufika kumatayala kuti igonjetse mpweyawo.

Cd ndiye nambala yonena za kaumbidwe. Ikakhala yaing'ono, ndiye kuti mpweya ukudutsa bwino n'kukakumananso kumbuyo popanda chipwirikiti. Saipeka pamutu, amachita kuiyeza poika galimoto m'chipinda chopemerera mphepo. Edmund Rumpler anaonetsa galimoto yooneka ngati dontho la madzi ku Berlin mu 1921, ndipo kampani ya Volkswagen itaiyeza mu 1979 inapeza 0.28, nambala imene galimoto zambiri za m'zaka za m'ma 1970 zinkaiona patali.

Tsono nayi galimoto yaing'ono wamba, ya Cd 0.30 ndi nkhope ya masikweyamita 2.2, ikuthamanga makilomita 100 pa ola. Choyamba liwirolo ligawidwe ndi 3.6 kuti likhale mamita 27.8 pa sekondi. Ophunzira ambiri amagwa pamenepa: akaiwala kugawa, yankho limakula pafupifupi maulendo 13. Akawerengera bwino, kukankha kumatuluka manyutoni pafupifupi 306, ndipo akachulukitsa ndi 27.8 amapeza makilowati 8.5.

Dalaivala akaponda mpaka 120, kukankha kumafika manyutoni 440, kuyandikira kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo mphamvu yofunika imalumphira pa makilowati 14.7. Liwiro lawonjezeka pang'ono chabe, koma mphamvu yatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Chifukwa chake n'chakuti liwiro limalowa kawiri mu F, kenako kachitatu mu P. Pa makilomita 50 pa ola mpweya umangofuna kilowati imodzi ndi pang'ono. Kuwirikiza liwiro kawiri kumawirikiza mphamvu kasanu ndi katatu. Komabe pa kilomita iliyonse, mafuta othera pa mpweya amawirikiza kanayi kokha, poti wothamanga amafika msanga. Masamuwa sakuwerengera kukhuzana kwa matayala ndi msewu, kumene kumadya mphamvu yakeyake.

Chodabwitsa kwambiri ndi chitsulo chobulungira ngati paipi. Maso amachiona chosalala, koma mphepo ikachiwomba chopingasa, Cd yake imakhala pafupifupi 1.2, kuwirikiza kanayi ya galimoto ija. Mpweya umalephera kutsata kupindika kwake, umachoka pakati penipeni n'kusiya malo aakulu a chipwirikiti kumbuyo, amene amakoka chitsulocho chobwerera.

Chitsulo chimodzi cha kaliyala wa padenga, chonenepa masentimita 3 ndi kutalika mamita 1.2, chili ndi nkhope ya masikweyamita 0.036 okha. Pa makilomita 100 pa ola chimakankhidwa ndi manyutoni pafupifupi 20, ndipo chimadya theka la kilowati ndi kupitirira. Kukula kwake sikufika magawo 2 pa 100 a nkhope ya galimoto, koma chimawonjezera kukankha ndi magawo 6 kapena 7 pa 100, katundu asanamangidwepo. Kuyenda ndi kaliyala wopanda kanthu chaka chonse n'kutaya mafuta dala. Khutu nalo limachitira umboni: kulira kwa "vuuu" padenga kumachokera ku timikuntho timene timachoka mosinthanasinthana mbali ziwiri za chitsulocho, pafupifupi maulendo 185 pa sekondi. Ndi zomwezo zimene zimaliza mawaya a magetsi kukachita mwera.

Nambala ya 1.2 ili ndi malire. Chitsulo chikakhala chonenepa kwambiri kapena mphepo ikakula zedi, mpweya wa pakhungu pake umavunduka n'kumamatira mpaka chakumbuyo, ndipo Cd imagwa mpaka pafupifupi 0.3. Choncho mgolo wogonekedwa padenga sungawerengeredwe ndi nambala ya kapaipi.

Liwiro lolowa mu F nalonso si la pa sipidomita nthawi zonse, koma la mpweya umene ukuwomba galimoto. Woyenda 100 moyang'anizana ndi mphepo ya makilomita 20 pa ola amakankhidwa ndi manyutoni 440 aja, ndipo pochulukitsa ndi liwiro lake lenileni la mamita 27.8 pa sekondi, matayala amafuna makilowati 12.2 m'malo mwa 8.5.