MANKHWALA AMENE MAI WA PAKATI AYENERA KUCENJERA NAWO

Pakhomo pa mlimi wa masiku ano sipasowa botolo la mankhwala. Pali ena oongolera tsitsi, ena otsukira cimbudzi, ena ophera udzudzu ndiponso ena opopera thonje ndi ndiwo za kudimba. Amai ambiri akaima amayamba kuopa mankhwala a tsitsi, koma m'mawa mwace amapita kumunda kukathandiza amuna awo kusungunula mankhwala a thonje ndi manja osabvala kanthu. Kuopsa kwa mankhwala onsewa sikulingana, ndipo amene amaopedwa kwambiri si amene abvulaza kwambiri.

Kuti mankhwala afike kwa mwana m'mimba, ayenera kulowa m'magazi a mai wace, ndipo njira zace ndi zitatu: pakhungu, m'mphuno ndi pakamwa. Cimene cikulitsa ngozi ndi ukali wa mankhwalawo, kuculuka kwace, ndi kawirikawiri kamene mai akhudzana nawo. Miyezi itatu yoyamba ndiyo ifuna cisamaliro coposa, cifukwa mtima, ubongo ndi ziwalo zina za mwana zimaumbika pa nthawiyi, mimba isanayambe kuoneka kwa anthu.

M'maboma olima thonje monga Katete, Petauke, Chipata ndi Lundazi, ngozi yaikulu iri m'mankhwala a kumunda. Ena mwa mankhwalawa amapha mbozi mwa kuononga mitsempha yace, ndipo amacita cimodzimodzi m'thupi la munthu. Amatha kudutsa m'nsengwa ndi kufika kwa mwana. Ofufuza a maiko ena anapeza kuti ana a amai amene anakhudzana kwambiri ndi mankhwala otere ali ndi pakati amabadwa ocepa sikelo kapena kucedwa kukula nzeru kuposa anzawo.

Citsanzo cace ndi mai wa mimba ya miyezi iwiri amene mwamuna wace apopera thonje lero. Maiyo sanyamula pampu kumsana, motero aganiza kuti mankhwala sakumkhudza. Koma iye ndiye atunga madzi, ndiye agwira cibekete pamene mwamuna athira mankhwala a m'botolo, ndipo dontho lina limgwera padzanja. Dontho limeneli ndi lamphamvu koposa madzi oturuka m'pampu, popeza silinasungunulidwe. Masana abweretsa nsima kumunda nadutsa m'mizere ya thonje lonyowa, masamba ace akukhuza miyendo ndi citenje. Madzulo acapa malaya a mwamuna m'beseni limene asambitsiramo ana. Botolo likatha alitsuka nasungiramo mcere. Pa tsiku limodzi mai ameneyu wakumana ndi mankhwala kanai, ndipo zidzabwerezeka nthawi zonse popopera kufikira thonje litakhwima.

Njira zonse zinaizi zingatsekedwe popanda kuononga ndalama. Madzi asiyidwe kumalire a munda, ndipo wopopera asungunule yekha atabvala magolovesi. Mai asalowe m'munda wopoperedwa kufikira nthawi yolembedwa pabotolo itakwana, ndipo kumunda koteroko sikudyerako cakudya. Wopopera asambe ndi sopo asanalowe m'nyumba, acape yekha zobvala zace m'beseni lapadera. Botolo lotha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'pampu, kenaka libooledwe kuti wina asalitole. Mankhwala otsala asungidwe m'botolo lace lomwelo, pamalo okhoma, kutali ndi ufa ndi pogona.

Munthu amene mankhwalawa amlowa m'thupi amamva mutu ndi cizungulire, amacita thukuta lambiri, malobvu ndi misozi zimangoturuka, amasanza kapena kutsegula m'mimba, ndipo minofu imanjenjemera. Wotere abvulidwe zobvala, asambitsidwe ndi sopo ndi madzi ambiri, napite naye kucipatala msanga pamodzi ndi botolo la mankhwalawo kuti adokotala adziwe mtundu wace. Asamkakamize kusanza. Mkaka umene ambiri amathamangira kummwetsa sucotsa poizoni, ungotaitsa nthawi.

Nkhani ya mankhwala a udzudzu ndi ina. Amai ena amatseka zitseko pamene antchito a Unduna wa za Umoyo afika kudzapopera zipupa, poopa kuti mimba ingaonongeke. Koma malungo ndiwo mdani woposa: amacepetsa magazi a mai, amacititsa kupita padera, ndipo mwana amabadwa wocepa thupi. Cofunika ndi kuturutsa cakudya, madzi ndi ziwiya asanapopere, kukhala panja maora awiri, ndi kutsegula zitseko ndi mazenera kwa mphindi 30 banja lisanalowe. Tizirombo takufa tisesedwe ndi munthu wina ndi kutayidwa m'cimbudzi. Ukonde wa mankhwala umene amapereka kusikelo ngwabwino kwa mai wa pakati ndipo aziugonamo usiku uliwonse. Mankhwala a m'citini opopera m'cipinda apopere munthu wina, mai alowe fungo litatha. Mapiritsi ofukizira cimanga amaturutsa mpweya wakupha, ndipo matumba oikidwa mapiritsiwa asakhale m'nyumba yogona anthu.

Sopo, phulusa ndi jiki wosungunula monga mwa malangizo a pabotolo sizibvulaza mwana m'mimba. Ngozi imabwera posakaniza. Jiki akakumana ndi mankhwala ena otsukira cimbudzi kapena viniga amaturutsa mpweya wotsamwitsa umene uwocha maso ndi mapapo, ndipo akathiridwa m'cibekete ca mkodzo amaturutsanso mpweya woipa. Mai akayamba kutsokomola ndi kuturuka misozi potsuka, aturuke panja pomwepo. Cifuwa cikapitirira kubanika apite kucipatala. Lamulo lace ndi lakuti mankhwala amodzi pa nthawi imodzi, citseko ciri cotsegula.

Mankhwala oongolera tsitsi, amene ambiri aacha rilakisa, ali ndi soda woocha kapena zina zofanana naye, cifukwa cace amapsereza khungu la m'mutu akakhalitsa. Kufufuza kumene kunacitika pakati pa amai akuda a ku Amereka sikunapeze kuti oongola tsitsi amabereka masiku asanakwane kapena ana ocepa sikelo kuposa anzawo. Motero mai amene anaongola tsitsi kamodzi asanadziwe kuti waima asade nkhawa. Komabe mu 2022 ofufuza a boma la Amereka analengeza kuti kansa ya cibaliro inapezeka kwambiri mwa amai oongola tsitsi koposa kanai pacaka, ndipo ici ndi cifukwa cokwanira cocepetsera mankhwalawa kwa mai aliyense.

Amene afuna kupewa kotheratu angaluke tsitsi kufikira atacira. Amene asankha kuongola adikire miyezi itatu yoyamba ipite, asapake pamutu pamene pali zironda kapena pokandika, cifukwa pamenepo ndipo polowera mankhwala, apake mafuta odzola m'mbali mwa tsitsi, ndipo asapitirire mphindi zolembedwa pabokosi. Pamutu pakayamba kuwawa atsuke pomwepo. Amene ayenera kusamala koposa ndi mai wa pakati wogwira nchito m'saluni, popeza iye amagwira mankhwalawa tsiku ndi tsiku: azibvala magolovesi ndi kugwirira pamalo opita mphepo.

Popita kusikelo, mai auze anamwino nchito imene agwira ndi mankhwala amene ali pakhomo pace. Ndipo nchito yaikulu iri kwa abambo, pakuti iwo ndiwo asunga pampu ndi botolo. Bambo amene asungunula yekha mankhwala, nacapa yekha malaya ace kwa miyezi 9, wateteza mwana wace asanamuone nkhope.