Nthenda ya Huntington: Akayezetsa Mmodzi, Yankho Limakhudza Banja Lonse

Poyamba anthu amangoti munthuyo wayamba kumwa. Akuyenda modzandira, zala sizikukhazikika, phewa likungotukuka lokha, ndipo amene anali wofatsa uja wayamba kupsa mtima pa kanthu kakang'ono. Kuntchito akuiwala zimene wauzidwa m'mawa. Zimatenga zaka kuti wina m'banjamo akumbukire kuti malemu bambo ake nawonso anayamba chonchi.

Madokotala amaitcha nthenda ya Huntington, potengera dzina la George Huntington, dokotala wa ku America amene anailongosola mu 1872 ali ndi zaka 22 zokha. Bambo ake ndi agogo ake analinso madokotala ku East Hampton, pachilumba cha Long Island, ndipo anathandiza mabanja omwewo kwa mibadwo ingapo. N'chifukwa chake mnyamatayu anatha kuona chinthu chimene munthu mmodzi sangachione m'moyo wake: nthendayi imachoka kwa kholo kupita kwa mwana, koma mwana akapulumuka, chingwe chaduka, ana ake ndi zidzukulu zake sadzadwala.

Nthendayi imapha pang'onopang'ono maselo a m'kati mwa ubongo, makamaka mbali imene imawongolera kayendedwe ka thupi. Kawirikawiri imayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 30 ndi 50, nthawi imene ambiri amakhala atabereka kale. Kugwedezeka kwa manja ndi miyendo ndiko kumaonekera kwa anthu, koma achibale amanena kuti chowawa kwambiri ndi kusintha kwa maganizo: kulephera kukonza zochita, kukakamira chinthu chimodzi, mphwayi, kuvutika mumtima. Kenako kulankhula ndi kumeza kumavuta, thupi limatha ngakhale munthuyo akudya. Ambiri amamwalira patapita zaka 15 mpaka 20 chiyambireni, nthawi zambiri ndi chibayo chobwera chifukwa chakuti chakudya chimalowa kunjira ya mpweya. Mankhwala ochiza kapena oimitsa nthendayi palibe. Alipo ochepetsa kugwedezeka, monga tetirabenazini, ngakhale kuti iwowa amatha kukulitsa kuvutika mumtima, choncho dokotala ayenera kumuona wodwalayo pafupipafupi.

Gwero lake ndi jini imodzi. Jini pano si chiwanda. Ndi kachidutswa ka malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo. Jini iliyonse timakhala nayo pawiri, ina ya kwa mayi, ina ya kwa bambo. Pa matenda ena akumtundu, munthu amadwala pokhapokha zonse ziwiri zikakhala zolakwika. Pa nthenda ya Huntington, imodzi yokha ikalakwika imagonjetsa inzake yabwinoyo. Ndiye kholo limene lili nayo limapatsira mwana imodzi mwa ziwiri zake zija, ndipo mpata woti ikhale yolakwikayo ndi theka, mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Apa m'pamene mabanja ambiri amasokonezeka. Theka silitanthauza kuti mwa ana anayi, awiri adzadwala. Mimba iliyonse ili ngati kuponya ndalama m'mwamba mwatsopano. Ana anayi onse akhoza kupulumuka, akhozanso kutengera onse.

Jini imeneyi, yotchedwa HTT, inapezeka mu 1993 pambuyo pa kafukufuku wa zaka zambiri amene mbali yake yaikulu inachitika m'midzi ya asodzi ya m'mbali mwa nyanja ya Maracaibo ku Venezuela, kumene nthendayi ndi yofala kwambiri. M'kati mwa jiniyi muli zilembo zitatu, CAG, zimene zimabwerezedwa motsatizana, ndipo poyeza magazi amawerenga kuti zabwerezedwa kangati. Zikakhala 26 kapena kucheperapo, palibe vuto. Kuyambira 27 mpaka 35 mwini wake sadwala, koma chiwerengerocho chikhoza kukula pofika kwa mwana. Pa 36 mpaka 39 ena amadwala, ena ayi. Kuyambira 40 kupita m'tsogolo, nthendayi idzabwera ndithu ngati munthuyo akhala ndi moyo mpaka kukula. Chiwerengero chikakwera, nthenda imafulumira, ndipo chimakonda kukula chikadzera kwa bambo. Ana ambiri amene amadwala asanakwanitse zaka 20 anatengera kwa bambo awo. Koma chiwerengerocho sichingamuuze munthu chaka chimene adzayambe kudwala.

Tsono tiyerekeze mtsikana wa zaka 24 amene akukonzekera ukwati. Agogo ake aamuna anamwalira ndi nthendayi. Bambo ake ali ndi zaka 45, ali bwinobwino, ndipo ananena kale kuti safuna kudziwa. Mlangizi wa matenda akumtundu amayamba ndi kujambula mtundu wonse papepala, mibadwo itatu, n'kufunsa amene anadwala, ali ndi zaka zingati, ndiponso ngati anayezedwadi magazi. Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa pali nthenda ina yofanana nayo kwambiri, HDL2, yochokera ku jini ina, imene imapezeka mwa anthu a makolo a ku Africa ndipo yapezeka m'mabanja angapo ku South Africa. Ngati banja lili ndi imeneyo, kuyeza HTT kudzasonyeza kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino.

Kenako amawerengera. Bambo aja anabadwa ndi mpata wa theka. Mtsikanayo ali ndi theka la thekalo, ndiye kuti mmodzi mwa anayi, ndipo chaka chilichonse chimene bambo ake akukhala osadwala, mpatawo ukucheperako pang'ono. Koma akayezetsa n'kupezeka ndi 43, wadziwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: iye adzadwala, ndipo bambo ake nawonso ali nayo jiniyo, mwina atsala pang'ono kuyamba. Azichimwene ake onse achoka pa mmodzi mwa anayi kufika pa theka, osafunsidwa. Kodi adzakhala nawo bwanji pamphasa imodzi bambo akewo atasunga zimenezi mumtima? Mlangizi wabwino samuletsa, chifukwa ndi wamkulu ndipo ufulu ndi wake, koma amamupempha kuti ayambe wakambirana ndi bambo ake, mwina avomera kuyezetsa iwo poyamba. Bambowo akapezeka alibe, ana onse amasuka ndi kuyeza kumodzi.

N'chifukwa chake kuyezetsaku sikuchitika tsiku limodzi. Pamakhala maulendo angapo okambirana, amaona ngati munthuyo ali ndi maganizo odzipha, amamufunsa amene adzabwere naye tsiku lolandira zotsatira, ndipo zotsatirazo amamuuza pamaso, osati pafoni. Akhoza kusiya nthawi iliyonse. Mwana wosakwana zaka 18 amene sakudwala samuyeza, ngakhale makolo atachonderera, pakuti palibe mankhwala oti amupatse msanga, ndipo angomulanda mwayi wodzasankha yekha akadzakula. Ine lamulo limeneli ndimaliona kuti n'lachifundo, ngakhale ndikumvetsa kupweteka kwa mayi amene amayang'anitsitsa mwana wake nthawi iliyonse akagwetsa kapu.

Nayenso wopezeka kuti alibe sikuti amangosangalala. Ena amadziimba mlandu poona mchemwali wawo atatengera, iwo atapulumuka, ndipo amadziwa kuti ntchito yodwazika idzagwera iwo.

M'mayiko ambiri, anthu ochuluka amene ali pachiopsezo amasankha kusayezetsa. Nancy Wexler, amene anatsogolera kafukufuku wa ku Maracaibo uja, mayi ake anamwalira ndi nthenda yomweyi. Ntchito yake ndiyo inathandiza kuti kuyezetsa kutheke, koma iye mwini anasankha kusayezetsa. Mu 2020 anaulula poyera kuti nayenso akudwala.