Moni akatalika, owonera amapita

Mlaliki akaima pa gome m'tchalitchi amayamba ndi moni: kwa abusa, kwa akulu ampingo, kwa amayi a Mvano, kwa alendo. Palibe amene amatuluka, poti onse afika kale ndipo akhala pansi. Koma ulaliki womwewo ukadulidwa n'kuikidwa pa YouTube, munthu amene waupeza pafoni palibe chomugwira. Bandulo ikutha, ndipo kanema wina akumudikira pansipa. Achinyamata amene amaikira mipingo makanema ambiri amangowerenga chiwerengero cha amene atsegula kanemayo. Chiwerengerocho sichinena ngati uthenga unamveka.

Chimene chimanena ndi mzere umene uli mu YouTube Studio. Mukasankha kanema n'kulowa pa Analytics, kenako Engagement, mumapeza galafu yosonyeza kuchuluka kwa anthu amene anali akuwonerabe pa sekondi iliyonse. Mzerewo umayambira pamwamba n'kumatsika. Kutsika pang'onopang'ono sikodetsa nkhawa, makanema onse amatero. Chofunika kuyang'ana ndi pamene wagwa mwadzidzidzi. Pali nambala ina yotchedwa Intro, imene imanena kuti pa anthu 100 aliwonse, ndi angati anali akadalipo patatha masekondi 30. Imaoneka pa kanema wosachepera mphindi imodzi amene watsegulidwa ka 100 kapena kuposa, ndipo manambala amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti akhazikike, choncho musaweruze kanema wa Lamlungu madzulo a Lamlungu lomwelo.

Tiyerekeze kuti mwadula kachigawo ka mphindi zitatu pa ulaliki wa mwana wolowerera. Masekondi 10 oyamba ndi chizindikiro cha mpingo ndi nyimbo, masekondi 20 otsatira ndi moni ndi "Aleluya" katatu. Tinene kuti Intro yasonyeza 40, ndipo Average view duration, kutanthauza nthawi imene munthu mmodzi amawonera tikagawa mofanana, ndi masekondi 45. Masekondi 45 pa 180 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye kuti anthu 60 pa 100 anachoka mlaliki asanatchule n'komwe mwanayo. Pamenepa vuto si ulaliki, poti sanaumve. Sabata yotsatira dulani kachigawo kena kotalika chimodzimodzi, koma kayambire pamene abusa akufunsa kuti kodi mwana amene anagulitsa munda wanu akabwera wopanda kanthu, mungamutsegulire chitseko? Dzina la mpingo lilembedwe pakona, moni achoke.

Apa m'pamene ambiri amasochera. Akaona Intro yakwera amati apeza mankhwala, osayang'ana kumene mzere wathera. Chiyambi chikhoza kugwira anthu masekondi 30 n'kuwataya pa sekondi ya 50. Zimachitika kanema akayamba ndi mayi akugwa pansi popemphereredwa, kapena ndi lonjezo la chozizwitsa, kenako n'kubwerera ku chiphunzitso chosakhudzana ndi zimenezo. Owonera amazindikira kuti anyengedwa, ndipo mzere umagwa pomwepo. Kwa ine chiyambi chotere n'choipa kuposa moni wautali, chifukwa moni amangotopetsa, pamene ichi ndi bodza lonenedwa m'dzina la Mulungu, ndiponso mayi uja mwina sanafunsidwe n'komwe. Chiyambi chabwino chimadziwika ndi mzere umene, ukatsika koyambirira, umayenda pafupifupi mowongoka mpaka funso lija litayankhidwa.

Mzere ukakwera pang'ono pakati, ndiye kuti anthu anabwereza malo amenewo kapena analumphira pomwepo. Musafulumire kusangalala. Mvetserani malowo ndi mahedifoni: nthawi zina ndi mawu okhudza mtima, nthawi zina sipika inalira ndipo anthu anabwereza kuti amve vesi lomwe latchulidwa.

Poyerekeza makanema, yerekezani ofanana. Kanyimbo ka kwaya ka masekondi 40 kadzaoneka kopambana ulaliki wa mphindi zisanu nthawi zonse, poti kufika kumapeto kwake n'kosavuta. Onaninso kumene owonera achokera. Akhristu a mpingo wanu amene adina linki pagulu la WhatsApp amapirira moni chifukwa abusa ndi awo, pamene mlendo amene YouTube yamubweretsera kanemayo sapirira. Kanema wowonedwa ndi a kwanu okha sangakuuzeni zambiri za chiyambi chake. Ndipo makanema awiri sakwana, mufunika angapo a mtundu uliwonse, kusintha chiyambi chokha.

Palinso owonera amene galafuyi siwaona. Wina akatsitsa kanemayo n'kumatumiza fayilo yeniyeniyo pa WhatsApp, kapena kupatsirana pamemore khadi, onse amene awonera kumeneko sawerengedwa. Ngati mukufuna kuphunzira kanthu pa kanema watsopano, tumizani linki poyamba, fayilo ibwere patapita masiku angapo.