Mawu Olembera Mnzanu Amene Khanda Likumusowetsa Tulo

Mayi akachira, sabata yoyamba pakhomo pamadzaza anthu. Azakhali, apongozi, amayi a kumpingo ndi anansi amabwera ndi sopo, chitenje kapena kabeseni, aliyense akufunsa kuti, "Mphatso yanji?" Mchombo ukagwa, mayi n'kutuluka m'chikuta, alendo amayamba kuchepa. Pofika sabata yachitatu, makamaka m'tauni monga ku Ndirande kapena ku Kawale, agogo a mwana amakhala atabwerera kumudzi kukaona kumunda, bambo ali kuntchito, ndipo mayi watsala yekha ndi khanda lomwe silinadziwe kusiyanitsa usana ndi usiku. Apa ndi pamene kakalata kapena uthenga wa pafoni wochokera kwa mnzake umagwira ntchito, ukalembedwa ndi munthu wodziwa chimene chikumutopetsa.

Kutopa kumeneku kuli ndi masamu ake. Khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, kutanthauza kuti pakangopita maola awiri kapena atatu likufunanso bere. Maolawo amawerengedwa kuyambira pamene layamba kuyamwa, osati pamene lamaliza. Tiyerekeze kuti layamba 1 koloko usiku. Kuyamwa, kuligeyetsa, kusintha thewera ndi kulitonthoza mpaka ligone kungathe pafupifupi ola lathunthu. Mayi akugona cha m'ma 2 koloko, ndipo 3 koloko itangopitirira khanda ladzukanso. N'zoona kuti khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma limagona zidutswazidutswa, ndiye mayi sapeza tulo totalika tomwe timapumitsa thupi ndi mutu. Pamwamba pa zimenezi, thupi lake likadali ndi bala, kaya la njira kaya la opareshoni, ndipo magazi amatha kupitiriza kutuluka pang'onopang'ono mpaka masabata 6. Wapantchito yolembedwa akuwerenga kale masiku, pakuti lamulo la ntchito m'Malawi limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata 8. Wogulitsa tomato kumsika alibe n'komwe tchuthicho.

Mukadziwa zimenezi mudzaona chifukwa chake mawu ena omwe timawakonda amamupweteka. "Limbani mtima, tonse tinadutsamo" amamveka ngati chilimbikitso kwa wonena, koma mayi wotopa amamva kuti akudandaula zopanda pake ndipo aleke. "Mwana ndi mphatso, muzithokoza" amamusiya akudziimba mlandu, chifukwa mwanayo amamukonda ndithu, kungoti maso akuwawa ndi tulo. "Muzigona mwana akagona" ndi malangizo abwino kwa amene ali ndi womuchapira matewera, womutungira madzi ndi womuphikira. Ndipo mawu amene ine ndimawaona kuti ndi osathandiza koposa ndi aulemu kwambiri aja akuti, "Mukafuna chilichonse mundiuze." Mayi wachimalawi analeredwa kuti asamavutitse anthu. Sadzakuuzani. Mwamupatsa ntchito ina yoti aganize chopempha, ayese ngati sichikulemerani, kenako achite manyazi.

Uthenga wabwino sumupempha chilichonse, ngakhale yankho kapena chithunzi cha mwana. Taonani uwu, wolembera mnzanu amene khanda lake lili ndi masabata atatu, ndipo anakuuzani pafoni kuti mwana akulira madzulo aliwonse, mwina mkaka sukukwana:

"Achemwali, musavutike n'kuyankha uthengawu, ingowerengani basi. Ndikudziwa kuti chichirireni simunagone tulo tokwanira, ndipo kutopa kwanuko n'koona, si ulesi. Za kulira kwa madzulo zija, ana ambiri amsinkhu umenewu amatero, amafuna bere pafupipafupi dzuwa likamalowa. Munandiuza kuti matewera akunyowa kangapo pa tsiku ndipo kusikelo anati wakwera, ndiye kuti mkaka wanu ukumukwana. Ntchito imeneyo mwaigwira ndinu. Loweruka 9 koloko m'mawa ndibwera ndi ndiwo zophikaphika. Ndidzachapa matewera, ndipo mukadzangomuyamwitsa ndidzamunyamula kuti inu mukagone. Musasese, musandiphikire. Ngati Loweruka silikuyenera, ingolembani tsiku lina."

Uthengawu ndi waufupi dala, chifukwa adzauwerenga ndi dzanja limodzi, lina litagwira mwana, mwina pakati pa usiku. Wayamba ndi kumumasula ku udindo woyankha. Kenako watchula kutopako ndi dzina lake popanda kukuchepetsa, ndiponso popanda kufanizira ndi mmene inu munavutikira pa ana anu. Nkhani yanu ya uchembere mudzamuuza tsiku lina akadzafunsa.

Pakati pake pali chinthu chimodzi choona chimene chikuyankha mantha ake enieni. Apa ndi pofunika kusamala, chifukwa mantha akuti mkaka sukukwana ndi amene amachititsa amayi ambiri kuyamba kupatsa khanda madzi, phala lamadzimadzi kapena mkaka wa m'chitini nthawi isanakwane, pomwe achipatala amati mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6. Kulira pakokha si umboni wakuti mkaka wachepa. Makanda ambiri kulira kwawo kumakula mpaka cha pa masabata 6, kenako kumachepa akamafika miyezi itatu kapena inayi. Umboni woti mkaka ukukwana uli pa thewera ndi pa sikelo. Khanda lomwe lapitirira masiku 5 liyenera kunyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku. Limatsikako pang'ono kulemera m'masiku oyamba, koma pofika masabata awiri limakhala litabwerera pa sikelo yomwe linabadwa nayo. N'chifukwa chake uthenga uja wakhazikika pa zimene mayiyo anakuuzani yekha. Akanakhala kuti anati matewera akuuma, mwana akungogona ndipo sakufuna kuyamwa, simukanalemba kuti zonse zili bwino. Mukanalemba kuti, "Tiyeni kuchipatala lero, ndikuperekezani."

Chiyamikiro chake nachonso n'cholunjika. Kumuuza kuti "ndinu mayi wabwino" sangakhulupirire pa tsiku lomwe mwana walira maola awiri. Koma sangatsutse zoti sikelo yakwera ndipo bere lomwe laikweza ndi lake.

Mbali yomaliza ndiyo imasiyanitsa uthenga wothandiza ndi wongosangalatsa: tsiku, ola ndi ntchito. Lonjezani chimene mungakwanitse. Ngati muli ku Joni kapena ku Mangalande, simungachape matewera, koma mungatumize ndalama ya thumba la makala kapena ya munthu wochapa kwa sabata imodzi, n'kunena momveka kuti ndalamayo ndi ya chimenecho. Ndipo mukafika Loweruka lija, kumbukirani kuti simunabwere ngati mlendo. Alendo ambiri amafika n'kunyamula mwana wogona, mayi n'kudzuka kukawapangira tiyi. Inu yambani ndi beseni la matewera. Mwana mumunyamule atangokhuta, mutuluke naye pakhonde kuti kulira kwake kusamveke kuchipinda, mayi apeze maola awiri osadukiza.

Koma mawu ali ndi malire ake, ndipo mnzake weniweni ayenera kuwadziwa. Sikuti kutopa kulikonse kumachokera ku tulo. Mayi amene anataya magazi ambiri pochira amatha kukhala ndi magazi ochepa m'thupi: amachita chizungulire akaimirira, mtima umagunda mofulumira, amapuma befu atayenda pang'ono, ndipo zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera. Ameneyo akufunika kukayezetsa ndi kumwa mankhwala owonjezera magazi. Pali zizindikiro zina zosadikira n'komwe kuti kuche: magazi otuluka ambiri moti nsalu kapena padi ikudzaza ola lisanathe, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, mutu waukulu limodzi ndi kusaona bwino, kukomoka, kapena mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka. Akatchula chimodzi mwa izi, siyani zolemba, mupezereni galimoto.

Palinso kutopa kwa mumtima. Amayi ambiri amangopezeka akulira popanda chifukwa chooneka kuyambira tsiku lachitatu kapena lachinayi atachira, pamene thupi likusintha mwadzidzidzi. Zimenezi zimatha zokha masabata awiri asanakwane. Zikapitirira pamenepo, imeneyo ndi nkhani ina. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi pafupifupi 13 mwa 100 aliwonse amene angochira amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chimafika pafupifupi 20. Kwathu kuno mayi wotere amanenedwa kuti ndi waulesi kapena wamwano, pomwe akudwala.

Mungasiyanitse bwanji? Funso limodzi limathandiza kwambiri: mwana akagona ndipo pali womuyang'anira, kodi iye amagona? Wongotopa amagona nthawi yomweyo ndipo amadzuka atapepukidwa. Wodwala amangokhala maso gwa, maganizo akuzungulira. Chakudya sichimukomera, zomwe ankasangalala nazo sizimukhudzanso, ndipo amalankhula mawu monga akuti, "Mwanayu akanapeza mayi wina zikanakhala bwino." Mukamva mawu amenewa musawatsutse mwachangu kapena kumudzudzula kuti asamatero. Mufunseni mosabisa ngati maganizo odzivulaza kapena ovulaza mwana amamubwerera. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira poti anenere. Akavomera, asatsale yekha ndi mwana, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso akayamba kulankhula zosokonekera kapena kumva mawu omwe ena sakumva. Pemphero la mpingo lipitirire, koma anamwino amuonenso, pakuti matendawa amachizika.

Pa uthenga wotere mawu amasintha pang'ono. Mungalembe kuti: "Achemwali, zimene munandiuza dzulo sizinandichoke. Zimachitikira amayi ambiri ndipo achipatala amazidziwa. Mawa tipitire limodzi, mwana ndidzabereka ine, inu mukafotokozere anamwino mmene munandifotokozera." Mpata wina wabwino ndi ulendo wa pa masabata 6, pamene mwana amakalandira katemera ndipo mayi nayenso amayenera kuonedwa. Kawirikawiri maso onse amakhala pa mwana ndi buku lake, mayi n'kubwerako osafunsidwa kuti iye ali bwanji. Mukamuperekeza, mukumbutseni kuti anene za thupi lake ndi za mumtima mwake.

Akapanda kuyankha uthenga wanu, musakhumudwe ndipo musamufunse chifukwa chake. Mwina anauwerenga mwana ali pabere, n'kugona foni ili m'manja. Pakapita masiku atatu kapena anayi lembaninso mizere iwiri, ndipo pitirizani chomwecho mpaka mwana atafika miyezi itatu, chifukwa pamenepo enafe timakhala titaiwala kale kuti pakhomo paja pali khanda. Ngati muli ndi mnzanu amene anachira mwezi uno kapena watha, mulembereni lero, ndipo mu uthengamo mutchule tsiku ndi ola lomwe mufike.