Botolo la uchi lizidzilankhulira lokha

Pamsika wa kumudzi, mlimi wa njuchi amalawitsa wogula uchi, malonda n'kutheka. M'sitolo ya ku Lilongwe kapena ku Mzuzu mulibe wolawitsa. Botolo limakhala lokha pashelefu pakati pa anzake, ndipo wogula amangoliponyera diso akudutsa. N'chifukwa chake kopaletivi ya alimi a njuchi iyenera kugwirizana dzina limodzi, mtundu umodzi wa lebulo ndi botolo lofanana, n'kukakamira zomwezo chaka ndi chaka.

Dzina lenileni la kopaletivi nthawi zambiri limakhala lalitali, loyenera pa setifiketi osati pabotolo. Pamalonda pamafunika lalifupi, la mawu awiri, makamaka lotchula phiri kapena nkhalango kumene kuli ming'oma. Musanadinditse malebulo, kafufuzeni ku ofesi ya Registrar General ngati wina sanalembetse kale dzinalo. Chithunzi chikhale chimodzi, njuchi kapena chisa, choti chizioneka ngakhale inki itachepa. Zithunzi za akuluakulu a komiti zisiyeni ku ofesi.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa kulemera. Uchi umagulitsidwa pa magalamu, ndipo ndi wolemera kuposa madzi: lita imodzi imafika pafupifupi makilogalamu 1.4. Botolo la mamililita 500 likadzaza limatenga magalamu 700 kapena kuyandikira pamenepo. Mukalembapo magalamu 500 n'kuika mtengo wa magalamu 500, ndiye kuti pa botolo lililonse mwapereka basera ya magalamu 200 osadziwa. Thirani muli pa sikelo.

Uchi susungira lebulo ulemu. Mtundu wake umasintha malinga ndi maluwa, wina woyererako, wina wakuda bii, ndipo kukazizira mu Juni umatha kugwirana. Anthu a m'tauni akaona wogwirana amati mwathira shuga. Chiganizo chimodzi palebulo chimathetsa mlanduwu: uchi weniweni umagwirana, ikani botolo m'madzi ofunda usungunuke. Koma zakuti uchi wanu umachiza matenda akutiakuti musalembe.

Kenako pali nambala ya gulu, yaing'ono koma yoteteza dzina. Uchi wofulidwa njuchi zisanamate zisa umakhala ndi madzi oposa 20 peresenti, ndiye umasasa, umachita thovu, chivindikiro n'kutukumuka. Tinene kuti mwini sitolo wabweza mabotolo otere. Ngati onse alembedwa 11-03, kutanthauza ndowa yachitatu ya mwezi wa Novembala, mumangotsegula kaundula, kuona alimi amene anathira m'ndowayo, n'kuchotsa gululo lokha m'masitolo. Popanda nambala, katundu yense amabwerera.

Masitolo akuluakulu amafunsanso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, chimene chimaperekedwa akayendera malo anu ndi kuyeza uchiwo. Siyani malo ake palebulo, koma musachidinde chilolezo chisanatuluke, ndipo poyamba dinditsani malebulo ochepa.